Makoteshoni Atatu a NyaLuhanga

Pa Mhuju pali anthu amene mpaka lero amati Kezia Luhanga ndi wouma mutu. Bodza! Amene amanena zimenezo ndi omwe aja amafika pa msonkhano anthu akutseka ndi pemphero, kenako n'kumafunsa ngati zakumwa zatsala. NyaLuhanga si wouma mutu. Kungoti akakuuzani kuti twelofu koloko, ndiye kuti twelofu koloko, osati nthawi imene mwamaliza kumwa tiyi.

Mayiyu anabadwira ku Hewe, m'banja la ana asanu ndi awiri, iye wachinayi. Bambo ake anali mlimi wa fodya, ndipo Kezia anakulira m'chigafa, kusankha masamba: lalitali kwa lalitali, lofiira kwa lofiira, lothyoka pambali. Sukulu anafika Folomu 4, mayeso anakhoza bwinobwino, koma ya koleji inasowa. Anagulitsapo kaunjika pa msika, anasokapo mayunifolomu pa khonde la golosale ina, anakwatiwa ndi mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndipo n'chifukwa chake Chichewa chake chimathamanga ngati cha ku Lilongwe, ngakhale akapsa mtima Chitumbuka n'chimene chimatsogola. Kenako alimi a soya ndi mtedza atayambitsa kopaletivu yawo ya Tiyezge, anamulemba ukalaliki.

Ofesi ya kopaletivuyo, abale, inali yochititsa manyazi. Nyumba yokha inali yabwino, ya njerwa zootcha ndi malata. Koma m'kati! Tebulo la kalaliki linali chitseko chakale chogonekedwa pa matumba a feteleza. Feteleza akagawidwa kwa alimi, tebulo limatsika. Mafayilo amakhala m'makatoni a sopo, ndipo mlendo akabwera amathamanga kukabwereka mpando ku tchalitchi. Zaka zisanu ndi chimodzi mayi akulemba atawerama ngati akupalira.

Ndiye chaka china bungwe lina lothandiza alimi linati: nayi ndalama, mugule mipando ndi matebulo a mu ofesi. Koma linaika malamulo awiri. Loyamba, mutitumizire makoteshoni atatu, ndiye kuti mapepala a mitengo ya katunduyo, ochokera kwa ogulitsa atatu osiyana, oti tiwayerekeze. Lachiwiri, zonse zikhale zitavomerezedwa pasanafike pa 30 Juni. Kupitirira apo chaka chathu cha ndalama chatha, ndipo ndalamayo ibwerera kumene inachokera.

Wapampando wa kopaletivu, a Fraser Chirambo, omwe aliyense amangowaitana kuti a Tcheya, anati ntchito imeneyi ndi yaing'ono, aigwira okha. Munthu wabwino a Tcheya, palibe angawanene, koma amakhulupirira kuti chilichonse chimatheka ndi foni. Anaimbira anthu atatu nawauza mawu amodzimodzi: “Tikufuna matebulo ndi mipando ya mu ofesi, tatumizani mtengo.”

Zimene zinabwera! Wina analemba mipando ya pulasitiki makumi awiri, ija ya pa ukwati. Wina analemba tebulo lodyera ndi mipando yake isanu ndi umodzi. Wachitatu analemba mpando umodzi wokha wozungulira, wachikopa, mtengo wake wokwana ng'ombe. A Tcheya anazitumiza choncho ku bungwe kuja, ndipo mapepalawo anabwerera asanathe ndi sabata, ndi mawu achidule: izi sitingaziyerekeze, yambiraninso. Apo n'kuti mwezi wa Meyi ukutha.

“Anthu a m'tauni amavuta chomene,” anatero a Tcheya, akupukuta thukuta. “Anati atatu, tawapatsa atatu.”

“Atatu a chiyani, a Tcheya?” anafunsa Kezia. “Mwafunsa mtengo wa nyama osanena kuti ya nkhuku kapena ya ng'ombe. Ndipatseni ine ntchitoyi.”

Tsiku lomwelo anabwera ndi tepi yake ya utelala ija. Anayeza chipinda, anayeza chitseko, anayeza fayilo yaikulu kuposa onse. Anakhazika msungichuma, mayi Rahab Mhango, pa chidebe, n'kuyeza kuchokera pansi kufika pa bondo. Mayi Rahab kuseka mpaka misozi: “A NyaLuhanga, mukundisokera diresi kapena bokosi?”

Pofika madzulo fomu inali italembedwa, ndipo inalibe mawu oti wina n'kumva mwina. Matebulo a mu ofesi atatu, lililonse masentimita 150 m'litali, 75 m'lifupi, 75 kutalika kuchoka pansi, madirowa atatu mbali imodzi, lapamwamba lokhala ndi loko. Mipando yoyedzamira khumi ndi iwiri, pokhalira pa masentimita 45 kuchoka pansi. Mabenchi awiri a mamita awiri, a alimi odikira. Kabati imodzi ya mafayilo, mashelefu anayi, zitseko ziwiri zokhoma. Zonse za matabwa olimba, mlombwa kapena mbawa, ouma bwino, opakidwa vanishi kawiri. Pa chinthu chilichonse panali mpata wolemba mtengo wa chimodzi ndi mtengo wa zonse, ndipo m'munsi munali mawu akuti mtengowo uphatikize msonkho ndi mayendedwe mpaka pa khomo la ofesi pa Mhuju, usasinthe kwa masiku makumi atatu, ndipo katundu afike pasanathe masabata atatu chilandirireni oda. Mzere womaliza anaulemba ndi zilembo zikuluzikulu: koteshoni ikhale mu envulopu yomata, iponyedwe m'bokosi la pa ofesi pasanakwane 12 koloko masana, Lachisanu pa 9 Juni. Yobwera mochedwa sidzatsegulidwa.

Komiti inawerenga, inavomera, a Tcheya anasayina. Kezia sanafune kudalira atatu okha, ndiye anakonza mafomu anayi ofanana ndendende. Imodzi inapita ku sitolo ina ya mipando ku Mzuzu. Ina kwa Gordon Msiska, kalipentala wa pa Boma amene ali ndi makina a magetsi. Ina kwa kalipentala wina wa ku Bolero. Yachinayi anaitenga yekha wapansi kupita nayo kuseri kwa msika, kwa a Hezron Kumwenda.

A Hezron muwadziwe. Mkulu wa mpingo, wa imvi mbuu, pensulo kukhutu ngakhale pa Sabata. Theka la zitseko za pa Mhuju ndi za manja awo, ndipo palibe chimene chinapindikapo. Koma pepala amadana nalo ngati njoka. Anailandira fomu ija ndi zala ziwiri.

“Mwana wanga, ichi n'chiyani?”

“Fomu ya koteshoni, adada. Mulembe mitengo yanu, muike mu envulopu, mukaponye m'bokosi.”

“Ine? M'bokosi? Zaka makumi anayi ndikupala matabwa pano, munthu amabwera, timakhala pansi, ndimamuuza mtengo, timagwirana chanza. Mabenchi a m'tchalitchi muja analembera ndani fomu? Kapena mukuti pakamwa panga pamatuluka bodza?”

“Ayi adada, bodza ayi. Koma a bungwe sangamve pakamwa panu ali ku Lilongwe.”

“Abwere adzamve.”

Anaipinda fomu ija n'kuitsindira ndi chitini cha guluu. Kezia anathokoza kuti yewo n'kubwerera, osadandaula kwenikweni. Atatu enawo analipo.

Lachitatu envulopu ya ku Mzuzu inafika ndi kondakitala wa minibasi, yomata bwino, ya chidindo pamwamba. Kezia analemba tsiku ndi nthawi m'kabuku, n'kumuuza kondakitalayo aiponye yekha m'bokosi. Bokosilo linali la malata, lokhala ndi maloko awiri. Kiyi wina kwa mayi Rahab, wina kwa a Tcheya. Lachinayi Gordon anabwera pa njinga yamoto, magalasi akuda kumaso, n'kuponya yake uku akuimba mluzu. Ziwiri.

Lachisanu m'mawa, cha m'ma 10, foni inalira. Kalipentala wa ku Bolero uja: pepani mayi, kwagwa maliro a apongozi, ndili ku mudzi chiyambire Lachiwiri, fomu yanu sindinaigwire n'komwe. Munthu wa pa maliro mungamutani? Kezia anamupepesa, n'kuika foni pansi, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. M'bokosi munali ziwiri, bungwe likufuna zitatu. Kuyambiranso kachitatu, ndi masiku opatsa ogulitsa kuti ayankhe, ndi masiku oti bungwe liwerenge, Juni akanatha ndalama ikuonekera kumsana.

A Tcheya anafika ndi nzeru zawo. “Musavutike, a NyaLuhanga. Mlamu wanga ali ndi chidindo cha golosale. Tilembe tokha yachitatu, tiike mtengo wokwera, adinde, basi. Aliyense amatero.”

“Aliyense wake uti? Mlamu wanu anapangapo mpando? Akadzaimba foni a bungwe kuti tione shopu yanu, adzawaonetsa shuga ndi machesi?”

“Chabwino, tisunthe tsiku. Tinene kuti Lolemba.”

“Gordon ndi a ku Mzuzu anathamangira Lachisanu. Tikasuntha mwakachetechete tawabera. Tikafuna kusuntha tiwalembere onse nthawi isanakwane, ndipo wa ku Bolero Lolemba adzakhala akadali pa maliro. Mukusunthira ndani?”

Kezia anavula nsapato za mu ofesi, anavala patapata, n'kuuyatsa ulendo wa kuseri kwa msika. Atafika anapeza shedi ya a Hezron yotseka. Mayi wogulitsa tomato pafupi anati atuluka ndi njinga, atamanga mpando pakaliyala. Kuti? Kaya. Kezia anazungulira msika wonse, anafunsa pa siteji, anafunsa ku chigayo, thukuta kamukamu, n'kubwerera ku ofesi. Nthawi: hafu leveni.

Ndipo pakhonde pa ofesi, atakhala mwaufumu pa mpando watsopano wonyezimira vanishi, anali a Hezron.

“Mumayenda kuti nthawi ya ntchito?” anatero mkuluyo. “Ndabweretsa koteshoni yanu.”

“Ili kuti, adada?”

Anaimirira n'kumenya mpando uja ndi chikhatho. “Iyi. Mlombwa wouma zaka ziwiri. Masentimita 45, yezani. Munthu aone ndi maso, akhalepo, osati kumagula mpando wa papepala.”

Kani fomu ija anaiwerenga! Anaiwerenga mzere uliwonse, n'kupanga mpando weniweni motsatira miyeso yake. Mayi Rahab anakhalapo n'kudzigwedeza uku ndi uku, mpando osalira ngakhale pang'ono.

“Ndi wabwino chomene, adada,” anatero Kezia. “Koma mpando sulowa m'bokosi. Tikufuna mitengo.”

“Mitengo ilipo. Mukuganiza kuti ndine mwana?”

Apo anaugwira mpando uja kuti autembenuze. Inu mukudziwa mmene amachitira makalipentala: masamu awo onse amalemba pa thabwa limene lili pafupi. A Hezron anali atawerengera zonse, matebulo, mabenchi, kabati, vanishi, maloko, ndi pensulo kunsi kwa pokhalira. Kezia atangoona manambala akuyamba kuonekera anatseka maso ndi manja onse awiri n'kukuwa ngati waona ngozi ya galimoto.

“Musandionetse! Adada, musandionetse! A Tcheya, yang'anani kumbali! Amama a Rahab, tsinzinani!”

A Tcheya anatembenukira kukhoma. Mayi Rahab anadziphimba kumutu ndi chitenje, akuseka m'kati mwakemo. Anthu odutsa pa msewu anaima. A Hezron anangoti kakasi, mpando uli m'malere.

“Mwalodzedwa nonse?”

“Tikaona mtengo wanu bokosi lisanatsegulidwe, Gordon adzati tinakuuzani zoti mulembe,” anatero Kezia, maso akadali otseka. “Fomu ija muli nayo?”

Inali m'thumba la jekete, yothimbirira ndi guluu pakona, koma yowerengeka.

“Pitani pansi pa mtengo wa mango apo, nokha. Mukopere manambala anuwo pa fomu, musayine, mulembe tsiku. Kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu.”

“Ndilembereni inu, muli ndi dzanja lofulumira.”

“Ine ndi amene ndapempha. Sindingapemphe n'kudziyankha ndekha.”

“Nanga ndikakana?”

Kezia anachotsa manja kumaso n'kuwayang'ana. Sanakuwe ayi. Anangoti: “Mukakana, adada, palibe apange mipando imeneyi. Si inu, si Gordon. Ndalama ibwerera, ndipo alimi azikhalabe pansi.”

Mkuluyo anang'ung'udza za ana a masiku ano, ananyamula mpando wake, n'kupita pansi pa mango. Anaugoneka chafufumimba pa maondo, anavala magalasi, n'kuyamba kulemba ndi bolopeni ya a Tcheya. Koma kulemba kwake! Dzanja la ku mishoni lija, chilembo chilichonse chokhala ndi mchira, nambala iliyonse ngati akuisema. Kezia ali pakhonde, diso lina ku wotchi, lina ku mango.

“Kwatsala khumi ndi zisanu, adada!”

“Musandisokoneze, ndalakwitsa seveni.”

A Tcheya ananong'ona: “Wotchiyi tikhoza kuibweza pang'ono. Imathamanga kale.”

“Muikhudze muone,” anatero Kezia.

Mayi Rahab anakumbukira kuti envulopu palibe, n'kuthamanga ku golosale, munthu wa thupi lake, chitenje chikuuluka. Anabwera nayo akupuma ngati ng'ombe ya pangolo. A Hezron anapinda fomu bwinobwino m'makona ofanana, anailowetsa mu envulopu, anamata, kenako anatulutsa kachitini ka guluu wa matabwa m'thumba kuti amatenso.

“Adada, zakwana! Ponyani!”

Envulopu inagwera m'bokosi kutatsala mphindi zitatu. Kezia analemba m'kabuku: 11:57. Itakwana twelofu anamata pakamwa pa bokosi ndi selotepi, n'kukhala pansi pa sitepe.

Anatsegula pomwepo, komiti ya anthu atatu ilipo, a Hezron alipo, Gordon nayenso atabwera kudzaonerera. Mayi Rahab amawerenga mokweza, Kezia akulemba pa pepala loyerekezera, chinthu ndi chinthu. Ya ku Mzuzu inali yotsika kuposa zonse, K1,640,000, ndipo a Tcheya anayamba kuomba m'manja. Koma Kezia anati tawerengani m'munsimo. M'munsimo munalembedwa kuti matebulo ndi kabati ndi za matabwa a utuchi wopanikiza, ndipo mayendedwe ndi a wogula.

“Utuchi!” anatero a Hezron. “Dzinja limodzi lokha, tebulo lidzatupa ngati mandasi.”

Komiti inalemba kuti koteshoniyo sinatsatire zimene zinapemphedwa. Kunatsala awiri, onse a mlombwa, onse masabata atatu, onse mpaka pa khomo. Gordon: K1,860,000. A Hezron: K1,905,000.

Kezia mtima unamuwawa, tisaname. Munthu amene wapulumutsa zonse ndi amene wagwa. A Tcheya anatsokomola n'kuyamba kuti mwina poti a Kumwenda ndi athu a pompano... Koma a Hezron eni akewo anawadula.

“Iyayi. Mwandilembetsa fomu, ndiye itsateni fomu yanuyo. Mnyamatayu wandiposa. Koma iwe Gordon, mlombwa wouma uli nawo wokwana zonsezi?”

“Ulipo, adada.”

“Tidzaona.”

Lolemba mapepala onse anapita: fomu yopempha, makoteshoni atatu, pepala loyerekezera ndi siginecha za komiti. Pa 21 Juni yankho linabwera kuti zavomerezedwa, perekani oda. Mayi Rahab analuluta mpaka wa golosale anatuluka kudzafunsa kuti wabadwa ndani.

Katundu anafika pa lole yaing'ono sabata yachiwiri ya Julaye, tsiku limodzi nthawi isanathe. Kezia anaima pa khomo ndi fomu yake ndi tepi, kuti chilichonse chiyezedwe asanasayine kuti walandira. Asanayambe n'komwe, anangoona njinga ikuima, a Hezron akutsika ndi sikweya yoyezera makona m'manja. Palibe anawaitana. Anayendera tebulo lililonse, kukoka madirowa, kuyesa maloko, kugogoda miyendo ndi chala. Pa mipando anachedwa. Ananyamula umodzi, anauyesa kulemera, anaununkhiza kunsi, n'kuuika pambali. Wina chimodzimodzi.

“Iwiri iyi ndi ya thabwa laliwisi. Pofika Okutobala idzakhala ikuvina.”

“Aa, adada, inatsala pang'ono kuuma,” anatero Gordon, akukanda m'mutu.

“A NyaLuhanga, pepala lanu likuti chiyani? Likuti otsala pang'ono?” anafunsa a Hezron.

“Likuti ouma bwino,” anatero Kezia.

Analemba kuti walandira matebulo atatu, mabenchi awiri, kabati imodzi ndi mipando khumi, ndipo iwiri yabwezedwa kuti isinthidwe. Gordon anasayina, akuseka mwamanyazi, n'kuikwezanso pa lole. Kenako anayandikira a Hezron n'kufunsa motsitsa mawu ngati angamugulitseko matabwa awiri atatu a mlombwa wa zaka ziwiri uja.

“Ndingakugulitse,” anatero mkuluyo, akubweza pensulo kukhutu. “Koma undilembere kuti ukufuna angati, otalika bwanji, ndipo pofika liti.”